Tsiku lopereka notisi ndi limene limadya dipoziti yanu

Mayi wina ananditumizira chithunzi pa foni usiku, ndipo pansi pake analemba mawu ochepa: "Bambo, tandionereni, kodi sanandidyere masuku pamutu apa?" Chithunzicho anachijambula pepala lili pabondo. Chinali chopendekeka, chala chawo chachikulu chikuoneka pakona, ndipo mzere womaliza unali utadulidwa pakati. Inali ndime imodzi ya mgwirizano wa lendi, yonena za dipoziti ndi notisi. Pa ntchito yanga yowerenga ndi kulemba migwirizano ya nyumba, ndime imeneyi ndi imene ndimafunsidwa kawirikawiri, ndipo ambiri amabwera nayo atasamuka kale, mkangano utayamba.

Ndimeyo, tikaimasula m'mawu athu, inkanena zinthu izi. Wochita lendi apereka dipoziti yofanana ndi lendi ya miyezi iwiri. Aliyense wa awiriwa angathetse mgwirizano popereka notisi yolembedwa ya mwezi umodzi wathunthu wa pakalendala, yothera pa tsiku lomaliza la mwezi. Dipoziti isatengedwe ngati lendi ya mwezi womaliza. Mwini nyumba adzabweza dipoziti pasanathe masiku 14 mgwirizano utatha, atachotsapo ngongole ya lendi, mabilu otsala ndi mtengo wokonzera zoonongeka, kupatula zimene zatha chifukwa chongogwiritsidwa ntchito.

Kuti masamu asativute, tiyerekeze kuti lendi yawo inali 300 pa mwezi, m'ndalama ya mtundu uliwonse. Dipoziti inali 600. Mayiwa anakhala m'nyumbayo zaka zitatu. Pa 10 Malichi anapereka kalata yoti akusamuka. Anawerenga mwezi umodzi, nalipira 100 ya masiku khumi a Epulo, ndipo pa 10 Epulo anabweza makiyi ali ndi mtima woyera kuti zonse achita mwadongosolo. Mwini nyumba anawabwezera 150 yokha. Mutu unawaima.

Chimene chinawapweteka kwambiri ndi mawu akuti notisi ithere pa tsiku lomaliza la mwezi. Anthu ambiri akamva zoti mwezi umodzi amawerenga kuyambira tsiku limene alankhula: lero ndi pa 10, ndiye kuti mwezi ukwana pa 10 mwezi wa mawa. Ilipo migwirizano imene imawerengadi motero, makamaka imene imangoti masiku 30. Koma ndime iyi ikufuna mwezi wathunthu, woyambira pa 1 mpaka kumapeto. Kalata ya pa 10 Malichi inapeza Malichi atayamba kale, choncho sakanawerengedwa. Mwezi wathunthu woyamba unali Epulo, ndipo notisi inatha pa 30 Epulo. Mayiwa anali ndi udindo wolipira Epulo yense, ndiponso anali ndi ufulu wokhalamo mpaka pa 30. Anatuluka okha masiku 20 nthawi isanakwane, m'nyumba imene ankayenerabe kuilipira. Epulo ali ndi masiku 30, ndiye lendi ya tsiku limodzi ndi 10, ndipo masiku 20 otsalawo ndi 200. Mwini nyumba anachotsa 200 imeneyo pa dipoziti, ndipo ndinawauza mayiwa mosabisa kuti pamenepa pepala lili kumbali ya mwini nyumba.

Taonani mmene tsiku limodzi lokha limasinthira zinthu pa ndime yotere. Munthu wopereka notisi pa 31 Malichi amamasuka pa 30 Epulo. Wopereka pa 1 Epulo, mawa lake lenilenilo, angauzidwe kuti Epulo wayamba kale ndipo amasuka pa 31 Meyi. Kuchedwa kwa usiku umodzi kwamuonjezera lendi ya mwezi wonse. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti asamadikire tsiku lomaliza, makamaka poti migwirizano yambiri imawerenga tsiku limene kalata yalandiridwa, osati limene mwailemba. Perekani kalatayo kudakali masiku angapo, mukhale ndi makope awiri, mwini nyumba asaine pa kope lanu ndi kulembapo tsiku.

Apa ndi pamene chithunzi chimodzi chimaperewera. Ndime inati notisi ikhale yolembedwa, koma sinanene kuti kulemba n'kutani. Kodi uthenga wa pa foni ndi kulemba? Nanga imelo? Yankho nthawi zambiri limakhala pa tsamba lina, chakumapeto kwa mgwirizano, pamene pamatchulidwa keyala yotumizirako makalata ndi njira zovomerezeka. Kulinso ndime ina, kawirikawiri pa tsamba loyamba, imene imanena kutalika kwa mgwirizano. Ngati munasaina wa chaka chimodzi ndipo chaka sichinathe, notisi ya mwezi umodzi ingakhale yosagwira ntchito mpaka chakacho chitakwana, pokhapokha ngati mgwirizano kapena lamulo la dziko lanu likulola kutuluka pakati. Ndinawapempha mayiwa kuti ajambule masamba onse, pepala ataliyala patebulo, pamalo owala, nambala ya ndime ikuoneka. Kwa iwo zinapezeka kuti chaka choyamba chinatha kalekale ndipo mgwirizano unkangoyenda mwezi ndi mwezi, choncho notisi ya mwezi umodzi inali yololedwa. Mzere wodulidwa uja unali mbali ya masiku 14, imene ndibwererako.

Tsopano tione zina zimene zinachotsedwa. Pa kapepala ka mwini nyumba panali 60 ya bilu ya madzi, 40 ya galasi la pawindo ndi 150 yopentera nyumba yonse. Kuphatikiza ndi 200 ija zikukwana 450, n'chifukwa chake pa 600 panatsala 150.

Za madzi ndi galasi sizinatitayitse nthawi. Bilu inalipo, ya miyezi imene mayiwa ankakhalamo. Galasi anavomera okha kuti mwana analiswa ndi mpira. Chimene ndinawauza n'chakuti apemphe lisiti, chifukwa wochotsa ndalama ayenera kuonetsa kuti ntchitoyo inadya zingati.

Penti ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pamene ochita lendi ambiri amaponderezedwa popanda chifukwa. Ndime yomweyo ikuti mwini nyumba sangachotse ndalama pa zinthu zimene zatha chifukwa chongogwiritsidwa ntchito. Nyumba imakalamba ngakhale mukuisamala. Penti imafwifwa ndi dzuwa, pafupi ndi swichi pamada chifukwa cha manja, pamene panatsamira mpando pamatsala kamzere, mpira wa m'kati mwa mpopi umatha n'kuyamba kudontha. Zonsezi lendi ya mwezi ndi mwezi inalipira kale. Kuononga n'kosiyana: khoma loboola ndi misomali ikuluikulu mpaka pulasitala kugwa, chitseko chothyoka, sinki yong'aluka chifukwa chogwetserapo chinthu cholemera, khoma lolembalemba ndi inki. Funso limene ndimadzifunsa ndi lakuti, kodi munthu wosamala akanakhala muno zaka zomwezi, chinthuchi chikanaoneka chonchi? Ngati yankho ndi eya, mtengo wake ndi wa mwini nyumba. Mayiwa ananditumizira chithunzi cha pabalaza chimene anajambula tsiku lotuluka. Khoma linali lofwifwa, pamene panali kalendala pakuoneka kabokosi koyera mbee, koma panalibe bowo kapena banga lililonse. Imeneyo ndi penti ya zaka zitatu basi. Ndikuona kuti 150 imeneyo sinayenera kuchotsedwa. Ngakhale khoma limodzi likanakhala loonongekadi, mlandu wawo ukanakhala wa khoma limenelo, osati wa nyumba yonse, ndiponso si chilungamo kuti munthu amene anaononga penti yakale alipire mtengo wonse wa penti yatsopano.

Choncho pa 600, zoyenera kuchotsa ndi 200, 60 ndi 40, zonse pamodzi 300. Mayiwa ankayenera kulandira 300, osati 150.

Panali funso linanso limene ndinawafunsa, limene anthu ambiri saliganizira: kodi nyumbayo inakhala yopanda munthu mpaka pa 30 Epulo? Anayankha kuti ayi, mnansi wawo wakale anawauza kuti banja lina linalowa pa 21. Mwini nyumba amachotsa lendi ya notisi chifukwa chakuti wataya ndalama. Ngati wina walowa ndipo akulipira kuyambira pa 21, masiku khumi omalizawo palibe chimene chatayika, ndipo malamulo a mayiko ambiri salola kulandira lendi kawiri pa nyumba imodzi masiku omwewo. Imeneyo ndi 100 ina imene angaifunse, bola akhale ndi umboni wa tsiku limene atsopanowo anayamba kulipira. Zikatero ndalama yobwerera kwa iwo ikufika pa 400.

Mwina wina angafunse kuti bwanji osangosiya kulipira mwezi womaliza kuti mwini nyumba adzibwezere pa dipoziti. Ndikumvetsa chimene chimachititsa anthu kuganiza choncho, ndi mantha akuti ndalamayo sadzaionanso. Koma ndime iyi yaletsa zimenezo poyera. Mukatero, ndinu amene mwayamba kuswa mgwirizano, ndipo ngati mu mgwirizanomo muli chindapusa cha kuchedwa kulipira, chiyamba kukuwerengerani. Mumalowa m'kukambirana muli kale olakwa.

Masiku 14 aja nawonso ali ndi poyambira pake. Ndime sikunena kuti kuyambira tsiku lobweza makiyi, ikuti mgwirizano utatha. Kwa mayiwa mgwirizano unatha pa 30 Epulo, choncho mwini nyumba anali ndi nthawi mpaka pa 14 Meyi. Iwo anayamba kuimba mafoni pa 25 Epulo atapsa mtima kuti nthawi yadutsa, chonsecho inali isanayambe n'komwe kuwerengedwa.

Dziwaninso kuti pepala silikhala pamwamba pa lamulo. Mayiko ena anaika malire pa dipoziti: ku Jeremani siyenera kupitirira lendi ya miyezi itatu, osawerengera mabilu, ndipo ku Mangalande, kuyambira mu 2019, nyumba zambiri malire ake ndi lendi ya masabata asanu. Kwina lamulo limanenanso kumene ndalamayo isungidwe ndi nthawi yoibwezera. Pamene pali lamulo loteteza wochita lendi, ndime yotsutsana nalo siigwira ntchito ngakhale munasaina. Choncho mukamaliza kuwerenga ndime yanu, funsani kwa loya kapena ku ofesi yothandiza anthu pa za malamulo kuti lamulo la kwanuko likuti chiyani.

Kalata imene tinalemba ndi mayiwa inali yaifupi. Inavomereza lendi ya masiku otsala a notisi, bilu ya madzi ndi galasi, ndipo inapempha malisiti ake. Inakana 150 ya penti, n'kutchula nambala ya ndime ndi mawu ake enieni, pamodzi ndi zithunzi za khoma zokhala ndi tsiku. Inafunsa tsiku limene banja latsopano linayamba kulipira. Pomaliza inapempha kuti ndalama yotsalayo ibwezedwe pofika pa 14 Meyi, monga mmene ndimeyo ikunenera. Anasindikiza makope awiri, ndipo ndinawakumbutsa kuti pa kope lawo mwini nyumba asaine ndi kulembapo tsiku.