Mukasintha nkhani za tchanelo chanu cha YouTube, dzina lisinthe pomaliza

Eni matchanelo amene amabwera kwa ine atatopa ndi nkhani zomwe akhala akujambula kwa zaka, amayamba ndi funso la dzina ndi logo. Ine ndimawapempha kuti ayambe atsegula YouTube Studio, alowe pa Analytics, kenako pa Audience. Nambala ya amene anadina Subscribe imanamiza, chifukwa muli anthu amene anadina zaka zinayi zapitazo chifukwa cha vidiyo imodzi ndipo sanabwerenso. Amene muyenera kuwasamala ndi obwerezabwereza, omwe kale ankalembedwa kuti Returning viewers, ndipo pano agawidwa kukhala Casual viewers ndi Regular viewers.

Tiyerekeze bambo wina wokonza mafoni, amene ali ndi otsatira 20,000 chifukwa cha mavidiyo osonyeza kusintha sikirini, kuchotsa batire lotupa ndi kupulumutsa foni yogwera m'madzi. Masiku ano ntchito imene ikumudyetsa ndi yoika sola m'nyumba za anthu, ndipo akufuna tchanelo chitsatire ntchitoyo. Titayang'ana, tinene kuti m'masiku 28 apitawa obwerezabwereza ndi 2,500 okha. Awa ndi amene angapwetekedwe ndi kusinthaku. Enawo anachoka kale, kungoti sanatsanzike.

Tsono chimachitika n'chiyani akangodzuka Lolemba n'kuponya vidiyo ya mphindi 20 yosonyeza kulumikiza inveta? YouTube imaonetsa vidiyo kwa anthu potengera zomwe akhala akuonera, choncho ambiri oyamba kuiona pa tsamba lawo adzakhala omwe anazolowera mafoni aja. Munthu wagula bandulo ya intaneti ndi ndalama yovuta, waona chithunzi cha mapanelo padenga, sakudina. Anthu otere akachuluka, nambala ya Impressions click-through rate, yosonyeza kuti mwa oona chithunzicho ndi angati adina, imatsika, ndipo vidiyo imalephera kufalikira msanga. Mwini wake amayamba kudandaula kuti YouTube yamulanga, pomwe vidiyoyo yangofika kwa anthu amene sanaifune.

N'chifukwa chake ndimamuuza kuti ayambe wafufuza chomwe anthu 2,500 aja amabwerera. Pali njira ziwiri zophweka. Yoyamba ndi kuona mavidiyo amene anabweretsa otsatira ambiri, chifukwa vidiyo iliyonse imaonetsa kuti inabweretsa angati. Yachiwiri ili pa Audience pomwepo, pa gawo losonyeza mavidiyo ndi matchanelo ena amene omuonera amakonda. Akapeza kuti anthu ake amaoneranso za mawaya, mabatire ndi kukonza wailesi, ndiye kuti sanabwere chifukwa cha foni yokha. Anabwera chifukwa amakonda munthu wotsegula chipangizo, n'kuloza pomwe pafa, n'kunena mtengo wake mosabisa. Chimenechi angathe kuwoloka nacho n'kupita nacho ku sola. Koma akapeza kuti pafupifupi onse amalowa kudzera pa YouTube search, atalemba dzina la foni yawo yowonongeka, ndiye kuti ali ndi odutsa, osati otsatira, ndipo mantha ake ambiri ndi achabe.

Powoloka pamafunika mlatho. Pakati pa foni ndi sola pali nkhani imodzi imene imakhudza mbali zonse: kutchaja. Vidiyo yoyamba ikhale yonena za kutchaja foni magetsi akazima, pogwiritsa ntchito kapanelo kakang'ono. Yachiwiri ifotokoze chifukwa chake tchaja ya sola yotchipa imatha kuwononga batire la foni. Yachitatu, kapanelo ndi batire lokwanira mafoni asanu ndi mababu awiri, kwa munthu amene ali ndi malo otchajitsa pa msika. Pofika pa inveta ya nyumba yonse, woonera wakale sadabwa, chifukwa wayenda naye mtunda wonsewo. Ngati amaponya vidiyo imodzi pa sabata, ndimalangiza kuti mwezi woyamba ikhale imodzi yatsopano pa zinayi, mwezi wachiwiri ziwiri, wachitatu zitatu. Si lamulo la YouTube ayi, ndi kayendedwe kamene ndimaona kuti kamapatsa nthawi yowerenga manambala asanapitirire. Ndipo zina zonse zisasinthe: nkhope yake pa chithunzi chapachikuto, tebulo lomwe lija, moni womwe uja, tsiku lomwe lija. Munthu amavomera chakudya chachilendo ngati m'mbale ndi momwe anazolowera.

Powerenga manambala m'pomwe ambiri amaphonya, chifukwa amangoona chiwerengero chonse cha oonera n'kutaya mtima. Lowani pa Advanced mode ya vidiyo yatsopanoyo, musankhe Subscription status, kuti muone otsatira paokha ndi alendo paokha. Ngati otsatira adina ochepa koma amene adinawo aonera mpaka kumapeto, vuto ndi mutu ndi chithunzi, osati nkhaniyo. Mutu woti "Inveta ya 1kVA" sukopa munthu wa mafoni, pomwe woti "Chimene chinapha batire ili ndi chomwe chimapha la foni yanu" umamuitana. Ngati adina koma n'kuthawa m'masekondi 30 oyambirira, mlatho wafupika, bwererani pang'ono. Ngati alendo akuonera nthawi yaitali pomwe otsatira akuchepa, kusinthaku kukugwira, ngakhale kuti kukuwawa. Ena adzadina Unsubscribe ndithu. Chodetsa nkhawa si amenewo, koma obwerezabwereza akamatsika mwezi ndi mwezi popanda atsopano olowa m'malo mwawo.

Potumiza vidiyo pali kabokosi kolembedwa kuti Publish to subscriptions feed and notify subscribers. Mukachotsa chizindikiro pamenepo, otsatira salandira uthenga wa vidiyoyo. Kamathandiza pa vidiyo imodzi yomwe ili kutali kwambiri ndi zakale. Koma musakazolowere, chifukwa simungawoloke ndi anthu amene mukuwabisira kumene mukupita. Auzeni ndi pakamwa panu, m'vidiyo yomwe amaikonda kale, kuti ntchito yanu yasintha, kuti za mafoni zizibwerabe kamodzi pamwezi, ndipo lonjezolo mulisunge.

Dzina lisinthe mavidiyo atsopano akayamba kudziimira paokha, ndipo musunge chidutswa chimene anthu amakudziwirani. Tchanelo cha Ryan ToysReview chitakula kupitirira zoseweretsa za ana, mu 2019 chinakhala Ryan's World: mawu omangirira ku nkhani imodzi anachoka, dzina la munthu linatsala. YouTube imalola kusintha dzina kawiri m'masiku 14, chimodzimodzinso dzina lina lija loyambira ndi chizindikiro cha @, lomwe limakhala pa ulalo wa tchanelo, ndipo la @ lakalelo amakusungirani masiku 14 okha, kenako wina akhoza kulitenga. Choncho konzani msanga maulalo amene munaika pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa chikwangwani cha shopu. Amene ali ndi chizindikiro chotsimikizira tchanelo adziwenso kuti chimachoka dzina likasintha, ndipo amayenera kupemphanso.

Mavidiyo akale musafufute. Ndimamva chisoni ndikaona munthu atasesa ntchito ya zaka zisanu kuti tsamba lioneke laukhondo. Vidiyo ya sikirini yosweka ikubweretsabe anthu tsiku lililonse kudzera m'kufufuza, ndipo kumapeto kwake mungaike End screen, kachithunzi kodina koonekera vidiyo ikamatha, yolozera ku vidiyo ya kutchaja ndi sola. Kwa amene akulimbana kuti afike pa maola 4,000 amene anthu aonera mavidiyo ake m'miyezi 12 ndi otsatira 1,000 kuti ayambe kulandira ndalama za malonda, maola a mavidiyo ofufutidwa, a Private kapena a Unlisted sawerengedwa. Mavidiyo akalewo ingowasonkhanitsani mu Playlist yawo n'kuitsitsa pansi pa tsamba loyamba.

Pali nthawi imene mlatho sungamangike. Wokonza mafoni yemweyu akanafuna kuyamba maulaliki kapena nkhani za mpira, ndikanamuuza kuti atsegule tchanelo china pa akaunti yomweyo ya Google, alengeze kawiri kapena katatu pa chakalecho, ndipo cha mafoni achisiye chizigwirabe ntchito yake.