Kantini ya pasukulu kapena pantchito: chakudya chichoke pamoto n'kufika pakamwa chili chotentha

Uthengawu ukupita kwa aphunzitsi aakulu, amakomiti, amatironi, ophika ndi onse amene amadyetsa anthu ambiri pa nthawi imodzi. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, mliri womwe udayamba mu Malichi 2022 ndipo udapha anthu oposa 1,700. Kolera, tayifodi ndi matenda ena otsekula m'mimba amalowera pakamwa, kudzera m'madzi, m'chakudya ndi m'manja. Mphika wa pakhomo ukaipa, limadwala ndi banja limodzi. Wa pakantini ukaipa, sukulu yonse imagona tsiku limodzi.

Tiyerekeze kantini yodyetsa anthu 240 masana, pa nthawi yopuma ya ola limodzi.

Zolowa mumphika

Aunduna wa Zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zamtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Sikuti onse apezeke m'mbale imodzi, koma mbale ya masana isamakhale nsima ndi msuzi wa nyemba basi. Ikhale ndi nsima, ndiwo yomanga thupi, masamba ndi timafuta, ndipo chipatso chizibwera pamene nyengo yalola.

Poyambira pabwino n'kuwerengera munthu mmodzi ufa wa magalamu 150, nyemba zouma za magalamu 50 ndi mafuta ophikira a mamililita 10. Kwa anthu 240, umenewo ndi ufa wa makilogalamu 36, nyemba makilogalamu 12 ndi mafuta malita pafupifupi awiri ndi theka. Anyamata akusekondale ndi anthu ogwira ntchito ya thukuta adzafuna ufa woposa pamenepa. Yezani pasikelo kwa sabata imodzi, muone zotsala m'mbale ndi mumphika, kenako mukonze muyeso wanu. Kantini yophika mongoyerekeza imaluza pawiri: lero chatsala chambiri, mawa omalizira pamzere agona ndi njala.

Mgaiwa umaposa ufa woyera pa mtengo ndi pa thanzi pomwe, chifukwa pokonola ndi poviika mphale timataya gaga ndi mtima wa chimanga, mmene muli mafuta ndi mavitamini. Ndiwo muzisinthasintha potsata zomwe zatsika mtengo pamsika: nyemba lero, mawa usipa kapena bonya, mkuja nyama ya soya, kenako nandolo kapena khobwe, dzira kamodzi pasabata ngati thumba lalola. Usipa umadyedwa ndi minga yomwe, choncho ngakhale wochepa umalimbitsa mafupa. Masamba otendera nsinjiro amabweretsa gulu la nyemba ndi mafuta pa mtengo wochepa, koma mtedza usankhidwe usanasinjidwe. Wachuku, wofwifwa ndi wonyala utayidwe, pakuti poizoni wa chuku satha ndi moto ndipo amaononga chiwindi. Chimodzimodzi chimanga chowola.

Pa masamba pali chizolowezi chimodzi chofunika kuchisiya: kuthira soda ndi kuwaphika mpaka atabiriwira mwakuda. Soda imapha mavitamini. Mpiru, bonongwe, nkhwani kapena kholowa ziphikidwe pomalizira, mwachidule, m'madzi ochepa. Mchere ukhale wa ayodini, mafuta akhale olembedwa kuti ali ndi vitamini A.

Maola awiri

Apa ndiye pagona nkhani. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga chakudya chikakhala chofunda chabe, pakati pa madigiri 5 ndi 60. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limalangiza kuti chakudya chophikaphika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo choyembekezera kugawidwa chizikhala chotentha kuposa madigiri 60.

Ambiri amaganiza kuti chomwe chawira chatha vuto. Ayi. Pali tizilombo tina tomwe timadzitchinjiriza ndi kachikhokho, ndipo timapulumuka pamoto. Mphika wa nyemba wa malita 50 ukaphulidwa 9 koloko m'mawa n'kuikidwa pakona, pakati pake pamakhala pofunda kwa maola ambiri, ndipo m'menemo tizilomboti timadzuka n'kuswana. Nyembazo sizisasa, sizinunkha, sizisintha maonekedwe. Anthu amadya bwinobwino, kenako usiku kapena m'bandakucha m'mimba mumayamba kupota ndi kutsekula. Mpunga wogonera uli ndi vuto lakelake: tizilombo take timasiya poizoni yemwe satha ngakhale muutenthetsenso, ndipo odya amayamba kusanza pasanathe maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

Choncho werengerani nthawi chobwerera m'mbuyo kuchokera pa belu. Ngati kugawa kuyamba 12 koloko, nyemba zomwe zidaviikidwa usiku zikhale pamoto m'mamawa, ndipo zikapsa zisachoke pa mafuwa. Zitsale pamakala, zovundikira, zikutuluka nthunzi mpaka nthawi yogawa. Kuviika kumachepetsanso nkhuni. Masamba apse cha m'ma 11:30, nsima ivundulidwe pomalizira penipeni. Musakokolole ndiwo zotsala m'beseni lakale n'kuzithira mu zatsopano. Ngati mulibe firiji yodalirika, zotsala za masana zisagone kudikira mawa. Ngati firiji ilipo, zigaweni m'ziwiya zosaya kuti zizizire msanga, ndipo mawa ziwire ndithu mpaka pakati. Mpunga wokha musausunge.

Mzere

Mzere wautali anthu amauona ngati nkhani ya mwambo chabe, koma ndi nkhani ya umoyo. Munthu wanjala amene akuona anzake 100 patsogolo pake sapatuka kukasamba m'manja, chifukwa akuopa kutaya malo. Ogawa akapanikizika amayamba kugwira nsima ndi manja. Omalizira amalandira chozizira, n'kudya mothamanga belu likulira.

Tawerengani. Ngati munthu mmodzi yekha akuomola nsima, kuthira nyemba, kuika masamba ndi kulandira tikiti, aliyense amamutengera masekondi pafupifupi 20. Anthu 240 ndi mphindi 80, nthawi yopuma yatha kale. Mukaika ogawa atatu motsatana, wa nsima, wa ndiwo ndi wa masamba, mbale ikungoyenda, munthu amatuluka masekondi 10 aliwonse ndipo onse amatha m'mphindi 40. Mukatsegula mizere iwiri yotere, ndi mphindi 20. Kumene ogawa ndi ochepa, tulutsani anthu m'magulu motalikirana mphindi 10 kapena 15, ndipo magulu azisinthana kuyamba kuti Fomu 1 isamakhale yomalizira tsiku lililonse.

Chimene ambiri amaiwala ndi mipopi. Kusamba m'manja ndi sopo kumafuna masekondi 20 opaka thovu, ndipo mukaphatikiza kunyowetsa ndi kutsukuluza ndi theka la mphindi. Ndiye kuti mpopi umodzi umatulutsa anthu awiri pa mphindi, pomwe mzere umodzi wogawa bwino umalandira anthu 6 pa mphindi. Mzere uliwonse ukufunika mipopi itatu. Mukaika ndowa imodzi yokha, anthu adzangoilambalala, ndipo mlandu si wawo. Ndowa zampopi zikhale m'njira yeniyeni ya mzere, munthu asanafike pa mbale, osati kuseri kwa khitchini. Pa theka la lita munthu aliyense, konzani malita 120, zomwe ndi ndowa 6 za malita 20, ndipo pakhale wina wodzaza ndi kutaya madzi a m'mabeseni olandirira. Beseni limodzi losambiramo onse lithetsedwe: womalizira amasamba litsiro la anzake onse.

Khomo lolowera lisiyane ndi lotulukira, kuti wonyamula mbale yotentha asagundane ndi olowa. Mbale zakuda zibwezedwe potulukira, kutali ndi tebulo logawira. Ndalama ndi matikiti zilandiridwe pakhomo ndi munthu amene sakhudza chakudya. Pantchito, kulipiriratu m'mawa kapena pasabata kumafupikitsa mzere komanso kumauza ophika chiwerengero chenicheni. Olumala ndi amayi oyembekezera azitsogola.

Patebulo logawira

Chiwiya chilichonse chikhale ndi chipande kapena supuni yakeyake, chogwirira chili kunja. Madzi oviikamo chipande cha nsima akhale owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo azisinthidwa, pakuti chipandecho chimakhudza mtanda uliwonse. Tebulo likhale lokwera, ziwiya zovundikira, ndipo muzitulutsa chakudya pang'onopang'ono, chambiri chikudikira pamoto. Ogawa avale epuloni yoyera ndi duku kapena chipewa, zikhadabo zowenga. Asambe m'manja ndi sopo asanayambe, akachoka kuchimbudzi, akamina, ndiponso akagwira nyama yaiwisi, nkhuni kapena foni. Mpeni ndi thabwa zodulira nkhuku kapena nsomba zisiyane ndi zodulira tomato, kabichi ndi zipatso zodyedwa zosaphika.

Wophika amene akutsekula m'mimba kapena kusanza asalowe m'khitchini mpaka patapita maola 48 chisiyireni. Apa mabwana tikupempheni: ngati mudula malipiro a tsiku limenelo, wophikayo adzabisa matenda n'kubwera. Wa chilonda chamafinya pachala apatsidwe ntchito ina mpaka chitapola. Tayifodi munthu amatha kuifalitsa iye akuoneka wabwinobwino, n'chifukwa chake ophika ayenera kukayezetsa kuchipatala ndi kukhala ndi chiphaso monga khonsolo yanu imafunira.

Madzi akumwa athiridwe kolorini pa muyeso womwe alangizi a zaumoyo akuuzani, ndipo padutse mphindi 30 asanamwedwe. Asungidwe m'ndowa yampopi yovundikira, popanda kapu yotungira yogwira aliyense. Mbale zipalidwe kaye, zitsukidwe m'madzi otentha asopo, zitsukuluzidwe m'madzi oyera, kenako ziume zokha pathandala. Kansalu kamodzi kopukutira mbale 240 kamangobwezera litsiro pomwe mwalichotsa.

Anthu akadwala

Anthu awiri kapena kuposa amene adadya limodzi akayamba kusanza kapena kutsekula m'mimba, musadikire wachitatu. Apatseni Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo dziwitsani chipatala chapafupi tsiku lomwelo. Wotsekula madzi ambiri ooneka ngati otsukira mpunga, wotuluka magazi, wa maso olowa kapena wofooka kwambiri apite kuchipatala nthawi yomweyo, akumwa Thanzi m'njira. Chakudya chomwe mukuchikayikira musachigawenso ndipo musachitaye. Chisungeni padera chovundikira kuti azaumoyo achione. Adzakufunsani chomwe chidaphikidwa, nthawi yomwe chidapsa, nthawi yomwe chidagawidwa ndi amene adaphika, choncho pakhomo la khitchini pazikhala kope lolembamo zinthu zinayizi tsiku ndi tsiku.