504 wa apo ndi apo sachokera ku seva yochedwa nthawi zonse

Ena ogwiritsa ntchito nginx amati: "Tikaona 504 ndiye kuti seva ikuchedwa, tingokweza `proxy_read_timeout`."

Nthawi zina n'zoona, koma yambani mwaona kaundula. Ngati `$upstream_response_time` ya nginx ikusonyeza masekondi 60 ndendende, omwe ndi malire a `proxy_read_timeout` mukapanda kuwasintha, pitani mukafufuze pempho lomwelo m'kaundula wa pulogalamu. Mukalipeza, pulogalamuyo idachedwadi. Mukalisowa, n'kutheka kuti silidafike n'komwe.

Zimachitika motere. Mukaika `keepalive`, nginx imasunga kulumikizana kwake ndi pulogalamu kuti idzakugwiritsenso ntchito. Tinene kuti imasunga masekondi 600, pomwe fayawolo yapakati imaiwala kulumikizana kulikonse kongokhala masekondi 300, osadziwitsa aliyense. Pempho latsopano likadutsa njira yakufayo limangotayidwa, nginx n'kudikira yankho mpaka nthawi itatha. N'chifukwa chake vutoli limakonda usiku, anthu akachepa.

Apa kukweza nthawi yodikira n'kuzunza anthu chabe, chifukwa adzadikira motalika n'kulandirabe 504. Chofunika n'chakuti nginx iziyamba ndiyo kutseka, ndipo mzerewu ukhale mkati mwa `upstream`:

```
keepalive_timeout 240s;
```

Nthawiyi ikhalenso yochepa kuposa imene pulogalamu imasunga kulumikizana kongokhala, apo ayi mudzayamba kuona 502.