Mmene hashi tebulo imapezera chinthu msangamsanga, ndi zomwe zimachitika makiyi awiri akagundana

Tiyerekeze kuti muli ndi manambala a ophunzira 50,000 ndi malikisi awo mukompyuta, nde munthu wabwera akufuna malikisi a nambala 3033. Njira yomwe aliyense angaganize koyamba ndi kuyamba pamwamba pa mndandanda kumatsika mmodzimmodzi mpaka mwaipeza. Imagwira, koma ngati nambalayo ili kumapeto muwerenga onse 50,000, ndipo ngati mulibemo muwerenganso onsewo kuti mungotsimikiza kuti mulibemo. Hashi tebulo siyenda mtunda umenewu ayi. Iyo imatenga nambala yomwe mwaipatsayo, kuichitira kasamu kakang'ono, nde yankho la samuyo ndilomwe limaiuza malo enieni oti ikayang'ane. Amene munalembako Python mwaigwiritsa kale ntchito mwina osadziwa, `dict` ija mkati mwake ndi hashi tebulo, ku Java nako ndi `HashMap`.

Mkati mwake muli mzere wa timabokosi ta mu memore, tolembedwa manambala kuyambira 0. Kompyuta ikadziwa nambala ya kabokosi imafikapo kamodzi n'kamodzi, kaya timabokosito tilipo 8 kaya 8 miliyoni, chifukwa imangowerengetsa adilesi basi. Zili ngati ofesi ya mafayilo yomwe kalaliki wake sasanthula kabati yonse, amangoona nambala ya fayilo n'kudziwiratu dilowa yoti atsegule. Chinthu chomwe mukusakira nacho, monga nambala ya wophunzira ija, timati kiyi, ndipo samu yosandutsa kiyi kukhala nambala ndiye hashi.

Tiyeni tigwire ndi manja kuti zimveke. Tebulo yathu ikhale ya timabokosi 8, kuyambira 0 mpaka 7, ndipo samu yathu ikhale yophweka: gawani kiyi ndi 8, chotsalacho ndiye kabokosi kake. Mu Python chizindikiro cha chotsala ndi `%`.

```
1025 % 8   # 1
2014 % 8   # 6
3033 % 8   # 1
```

Nde 1025 apita mu kabokosi 1, 2014 mu kabokosi 6. Mawa mukafuna malikisi a 2014 mungogawanso ndi 8, patsala 6, mwatsegula kabokosi 6, mwapeza. Simunakhudze kena kalikonse. Kiyi ikakhala dzina osati nambala palibe vuto, chilembo chilichonse chili ndi nambala yake mukompyuta, hashi imasakaniza manambala amenewo kukhala nambala imodzi yaikulu kenako n'kugawa chimodzimodzi.

Koma mwaona kale vuto pa mzere wachitatu uja eti? 3033 nayenso akufuna kabokosi 1 momwe muli kale 1025. Uku ndiye kugundana, ndipo apa ndikufuna mumvetse chifukwa ambiri ongoyamba kumene amaganiza kuti ndi chizindikiro choti pulogalamu yalakwika. Ayi ndithu, n'zoyembekezeka. Makiyi otheka ndi ochuluka kwambiri kuposa timabokosi, nde ena akuyenera kugawana malo basi. Komanso kugundanaku kumayamba msanga kuposa mmene mutu umaganizira: mu gulu la anthu 23 okha, mwayi woti awiri akhale ndi tsiku lobadwa lofanana umapitirira theka, chonsecho masiku pachaka alipo 365. Timabokosi nato n'chimodzimodzi, tebulo ikhoza kukhala yopanda kanthu mbali yaikulu koma awiri agundana kale. Ngakhale mawu amagundana, ku Java `"Aa".hashCode()` ndi `"BB".hashCode()` onse amatulutsa 2112, mutha kuyesa nokha.

N'chifukwa chake tebulo imasunga kiyi yeniyeniyo pamodzi ndi malikisi, osati malikisi okha. Ikafika pa kabokosi imayamba yafananiza kaye, kodi kiyi ili munoyi ndi yomwe ndafunsidwa? Ikanapanda kutero bwenzi wophunzira 3033 akupatsidwa malikisi a 1025 popanda wina kuzindikira.

Njira zothanirana ndi kugundana zikuluzikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya tcheni, ndi yakale ndithu, Hans Peter Luhn wa ku IBM anailemba mu 1953. Kabokosi kalikonse kamasunga kamndandanda kakekake, nde 1025 ndi 3033 onse akhala mu kabokosi 1, wina kumbuyo kwa mnzake. Posaka 3033 mufika pa 1, muona 1025, si ameneyu, mupita kwa wotsatira, mwamupeza. `HashMap` ya Java imatero. Ndi yosavuta kumva, ndipo bola matcheniwo akhale aafupi, zimathamanga.

Yachiwiri ndiyomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ili ndi msampha. Apa kabokosi kamodzi kamalowa kiyi imodzi yokha, ukapeza muli mnzako umasunthira kotsatira mpaka utapeza kopanda kanthu. Nde 3033 wapeza 1 ndi kodzaza, wakhala pa 2. Kwabwera 4041, kugawa ndi 8 patsalanso 1, wayesa 1 kodzaza, 2 kodzaza, wakhala pa 3. Tsopano kubwere 5002, iyeyu chotsala chake ndi 2, sanagundane ndi 1025 n'komwe, koma pamalo pake pali 3033 yemwe anathawira pomwepo, pa 3 palinso 4041, nde akakhala pa 4. Mwaona mmene zikukulira? Kugundana kwa makiyi a kabokosi 1 kwayamba kuvutitsa ndi ena omwe sizimawakhudza, timabokosi 1 mpaka 4 tasanduka chigulu chimodzi, ndipo kiyi iliyonse yogwera penapake m'chigulumo imachitalikitsanso. N'chifukwa chake `dict` ya Python, ngakhale imagwiritsa ntchito njira yosunthayi, siyenda kabokosi ndi kabokosi motsatana, imadumphadumpha motsata samu ina yomwe imatengeranso mbali zina za hashi ija kuti makiyi abalalike.

Msampha uja uli pa kufufuta. Posaka, lamulo ndi lakuti yambira pa kabokosi ka kiyiyo, pitirira mpaka uipeze, koma ukafika pa kabokosi kopanda kanthu ima, ndekuti mulibemo. Tsopano wophunzira 3033 wasiya sukulu, mwamufufuta, kabokosi 2 katsala pululu. Wina akufuna 4041. Tebulo iyamba pa 1, ipeza 1025, ipita pa 2, ipeza mopanda kanthu, n'kuyankha kuti 4041 kulibe, pomwe munthuyo ali phee pa 3. Deta siinatayike koma siikupezekanso, ndipo vuto lotere limawawa chifukwa pulogalamu siikuwa kapena kugwa, imangopereka yankho labodza mwaulemu. Mankhwala ake ndi akuti pofufuta musamasiye mopanda kanthu, muziikamo chizindikiro choti muno munali kiyi, pitirirani kusaka. Wosaka akachiona amadutsa, woika kiyi yatsopano akhoza kukhalapo. Koma zizindikirozi zikachuluka nazonso zimachedwetsa kusaka, nde pakapita nthawi tebulo imayenera kumangidwanso kuti zichoke.

Nanga liwiro lija limatsala bwanji ngati kugundana kuli kosapeweka chonchi? Chinsinsi n'choti tebulo siiloledwa kudzaza. `HashMap` imayamba ndi timabokosi 16 ndipo makiyi akapitirira magawo atatu mwa anayi, kutanthauza akadutsa 12, imakula kawiri kufika 32. Python imayamba ndi 8 ndipo siilola kupitirira magawo awiri mwa atatu, nde makiyi athu asanu aja ndiwo malire, wachisanu ndi chimodzi akangobwera ikula. Pokula simungokopera makiyi mmene analili ayi, aliyense samu yake ichitikenso chifukwa chogawira chasintha. Pa 16, 1025 akhalabe pa 1, 2014 apita pa 14, 3033 apita pa 9 kusiyana naye 1025 uja. Koma 4041 nayenso chotsala chake ndi 9, nde awiriwa agundanabe. Kukula kumachepetsa kugundana, sikumakuthetsa. Ntchito yosamutsayi ndi yolemera koma imachitika mwa apo ndi apo, nde mukaigawa pa makiyi onse omwe mwaika mtengo wake umakhala wochepa. Kulipira kwake ndi memore, timabokosi tambiri timangokhala topanda kanthu dala, ndipo ine ndimaona kuti ndi malonda abwino.

Chomwe kukula sikungakonze ndi hashi yoipa. Tiyerekeze makiyi anu ndi mitengo ya katundu, K1000, K2000, K3000 choncho. Gawani iliyonse ndi 8, chotsala ndi 0 nthawi zonse, onse athithikana mu kabokosi kamodzi pomwe 7 tili chabe. Mukulitse kufika 16, agawana timabokosi tiwiri tokha, 0 ndi 8. Apa hashi tebulo yanu yabwerera kukhala mndandanda uja tinauthawa poyamba. Mumadziwira pa nthawi: ikakhala bwino, mukaika deta yowirikiza kawiri nthawi yoikira imangowirikiza kawiri, koma makiyi akaunjikana pamodzi imawirikiza pafupifupi kanayi, chifukwa kiyi yatsopano iliyonse ikufananizidwa ndi onse omwe analowa kale. Mukaona zimenezo werengani kuti mu kabokosi kalikonse mwagwera makiyi angati, muona kamodzi katatupa.

Ndipo anthu ena amachita zimenezi dala. Mu Disembala 2011, pa msonkhano wa Chaos Communication Congress ku Berlin, akatswiri anaonetsa kuti munthu akhoza kutumizira seva, kompyuta yotumikira anthu pa intaneti, makiyi ambirimbiri osankhidwa kuti onse agundane, seva n'kutanganidwa mpaka kulephera kutumikira ena. Kuyambira Python 3.3 hashi ya mawu imasakanizidwa ndi nambala yachisawawa yomwe imasintha pulogalamu ikayambanso, nde musadabwe `hash("Zomba")` ikakupatsani yankho lina lero lina mawa, komanso musamasunge yankho limenelo mu fayilo kuti mudzaligwiritse ntchito tsiku lina. Java 8 inabwera ndi njira yake, tcheni ikatalika kudutsa 8 mu tebulo ya timabokosi 64 kapena kuposa, imasandutsidwa mtengo wa nthambi, momwe makiyi amasanjidwa mwadongosolo kuti kusakamo kukhale kwachangu.

Kanthu kena komwe kamagwetsa ambiri pantchito ndi kusintha kiyi itaikidwa kale. Kabokosi kanasankhidwa potengera mmene kiyi inalili tsiku loikalo, mukaisintha hashi yake isinthanso, tebulo ikasaka kwina pomwe chinthucho chili pakale pomwe. Python imakukanizirani pakhomo, mukayesa kuika `list` ngati kiyi imakupatsani `TypeError` n'kukuuzani kuti ndi `unhashable`. Java siikukanizani, nde samalani nokha, ndipo mukalemba kalasi yanu n'kusintha `equals` musaiwale kusinthanso `hashCode`, apo ayi zinthu ziwiri zomwe inu mukuti n'zofanana zikagwera timabokosi tosiyana ndipo `get` idzakubwezerani `null` deta ili momwemo.