Kupempha Mnzako Wakale Kuti Akutchule Sikumukakamiza

"Ukapempha munthu amene munkagwira naye ntchito kuti akutchule kwa mabwana ake, wamuika m'mavuto." Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zambiri, ndipo anditopetsa.

Chimene chimamupanikiza munthu ndi kapemphedwe. Ukamuimbira foni mwadzidzidzi n'kunena kuti "ndipezereni ntchito," wamusenzetsa katundu yemwe sangamuthe, chifukwa wolemba anthu ntchito si iye. Koma taonani uthenga uwu: "Ndaona kuti kwanuko akufuna wowerengera ndalama. Tinagwirira limodzi malipoti a pamwezi zaka ziwiri zija. Ngati mungamasuke kunditchula, ndikutumizirani kalata yanga yofunsira ntchito. Ngati n'kovuta, musadandaule, ndimvetsa." Apa mwatchula ntchito yake, mwamukumbutsa zimene anaona ndi maso ake, ndipo mwamusiyira mpata wokana. Lembani uthenga m'malo moimba, kuti aganize payekha. Akakhala chete, mukumbutseni kamodzi pakatha sabata, basi.

Malo ena antchito amalimbikitsa antchito awo kutchula anthu odziwa ntchito, ena mpaka amapereka kangachepe. Funsani mnzanuyo mmene zimayendera kwawoko, kapena werengani chilengezo cha ntchitoyo, musanauze wina kuti kupempha n'kulakwa.