Mapepala akamakakamira m'makina nthawi ya dzinja, yambani mwafufuza pepalalo

Chaka chilichonse mvula ikakhazikika, kuyambira Disembala mpaka Malichi, malo ochitira fotokope pa boma la Mangochi, ku Monkey Bay ndi m'masukulu a m'mbali mwa nyanja amayamba kudandaula chinthu chimodzi. Makina amene ankagwira ntchito bwinobwino mu Seputembala ayamba kutafuna mapepala, pa sikirini pakungotuluka mawu akuti Paper Jam, ndipo zolembedwa zikutuluka zotuwa. Ambiri amathamangira kugula tona yatsopano, ufa umene makinawa amalembera, kapena kuitana wokonza. Kawirikawiri makinawo amakhala alibe vuto. Vuto limakhala m'pepala, lomwe lamwa chinyontho.

Pepala limapangidwa ndi timaulusi ta mtengo, ndipo timaulusiti timamwa madzi a mumpweya monga mchere umachitira ukasiyidwa poyera. Pepala limodzi la A4 la magalamu 80 limalemera pafupifupi magalamu 5, choncho limu ya mapepala 500 imalemera makilogalamu awiri ndi theka. Pochoka ku fakitale, pafupifupi magawo 5 pa 100 a kulemera kumeneku amakhala madzi, kutanthauza theka la kapu mu limu iliyonse. Makina anapangidwa kuti azilandira pepala la mlingo umenewo. N'chifukwa chake chikutiro cha limu chimakhala choterera mkati: anachimata kapulasitiki kopyapyala kuti mpweya wakunja usalowe. Mukaching'amba n'kusiya mapepala poyera m'chipinda cha chinyezi cha 80 pa 100, chomwe sichachilendo kuno mvula ikamagwa pakati pa nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, madzi a m'pepala atha kuwirikiza kawiri. Pepala limasungika bwino pa chinyezi cha pakati pa 40 ndi 55 pa 100.

Chinyontho sichilowa mofanana paliponse. Chimayambira m'mphepete, pakati pa mulu pakadali pouma. Timaulusi ta m'mphepete timatupa, mphepete imatalika pang'ono pomwe pakati sipanasinthe, ndiye pepala limachita mafunde. Ikani mulu wa mapepala pa tebulo, weramani muuyang'ane cham'mbali maso ali pa msinkhu wa tebulolo. Mphepete ya limu yabwino imaoneka yowongoka ngati njerwa, pomwe ya limu yonyowa imakwera ndi kutsika ngati malata. Pepala louma mukaligwedeza limalira phwaphwa, lonyowa limangolefuka ngati nsalu ndipo m'manja limazizira.

Tiyerekeze malo a fotokope amene alandira ntchito yosindikiza mayeso a sukulu mu Januwale, mapepala 2,000, omwe ndi malimu anayi. Mnyamata wa pamakina, pofuna kufulumira mawa lake, watsegula malimu onse anayi madzulo, wadzaza thireyi, otsalawo wawaunjika pa simenti pafupi ndi zenera. Usiku mvula yagwa. M'mawa mapepala makumi awiri oyamba atuluka opindika ngati chikopa chouma, ena ali ndi makwinya cha kumunsi, m'malo ena zilembo zatuwa, ndipo pepala la makumi atatu lakakamira chakumbuyo kwa makina.

Chilichonse mwa zizindikiro zimenezi chili ndi chochititsa chake. Makina a tona salemba ndi madzi. Amagwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi kukoka ufa wa tona kuchoka pa dilamu, mpukutu wonyamula chithunzi cha tsamba, kuti ukakhale pa pepala. Pepala louma limasunga mphamvuyo, pomwe lonyowa limaitaya, ndiye tona ina imatsalira pa dilamu ndipo pamatuluka zigamba zotuwa, makamaka cha m'mphepete momwe mwanyowa kwambiri. Kuchoka apo pepala limalowa mu fyuza, timipukutu tiwiri, kamodzi kotentha madigiri pafupifupi 180 mpaka 200, tomwe timasungunula tona kuti imatirire. Mbali ya pepala yokhudza mpukutu wotentha imauma msanga kuposa inzake n'kufupika, pepala n'kupindika. Pepala lopindika limaphonya njira yotulukira n'kukodwa. Mafunde a m'mphepete aja akapanikizidwa pakati pa timipukutu amasanduka makwinya. Komanso moto wina umathera pouma madzi m'malo mosungunula tona, choncho mukapaka chala pa zilembo zimafufutika. Nthawi zina mumaona kautsi koyera kapena timadontho ta madzi potulukira mapepala. Imeneyo ndi nthunzi chabe, makina sakupsa.

Njira yotsimikizira ndi yosavuta ndipo siwononga ndalama. Chotsani mapepala onse m'thireyi, tsegulani limu imene sinang'ambidwepo, tengani mapepala makumi awiri a pakati, musindikize tsamba lomwe lija. Akatuluka owongoka ndi akuda bwino, musagule tona, musaitane wokonza. Pochotsa pepala lokakamira, zimitsani makina, dikirani mphindi khumi kapena kuposerapo kuti fyuza izizire, kenako kokani ndi manja awiri pang'onopang'ono motsata njira imene pepala limayenda. Pepala lonyowa limang'ambika msanga, ndipo kachidutswa kakang'ono kakatsalira pa kachizindikiro kozindikira pepala, makina amangonenabe kuti pepala lakakamira ngakhale mulibe kanthu. Musalowetsemo mpeni kapena sizasi, chifukwa chikopa cha fyuza chikang'ambika kukonza kwake n'kodula.

Ngati limu yatsopano sinasinthe kanthu, ganizirani za fumbi. Ili ndi vuto la miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala, misewu itauma, njinga zamoto ndi magalimoto zikuutsa dothi pakhomo penipeni pa sitolo, koma zotsatira zake zimapitirira mpaka m'dzinja. Fumbi limakhala pamwamba pa mapepala a m'thireyi, kenako limamatirira pa katayala ka labala kamene kamakoka pepala. Katayala kabwino kamakhala kokhakhala. Kodzala fumbi kamanyezimira n'kumaterera, ndipo mumamva makina akuzungulira kawiri katatu osatenga pepala. Kusiyana kwake n'koonekeratu: pepala lonyowa limakakamira kwambiri cha ku fyuza, pomwe katayala koterera kamalepheretsa pepala kuchoka m'thireyi momwemo. Zulani chingwe cha magetsi, pukutani katayalako ndi nsalu yosathothoka yonyowetsedwa ndi madzi oyera n'kufinyidwa bwino, mukazungulitse mpaka nsalu isiye kuda, kaume mphindi khumi. Palafini, petulo ndi mafuta zimawononga labala. Pansi pa katayalako pamakhala kachigamba kolekanitsa mapepala, ndipo kakatha makina amakoka awiri kapena atatu nthawi imodzi.

Mchenga wa kunyanja ndi woipa kuposa fumbi wamba. Kanjere kamodzi kakalowa limodzi ndi pepala kamakanda dilamu, ndipo dilamu lokandika silichira. Mudzaona mzere wakuda kuyambira pamwamba mpaka pansi pa tsamba lililonse, kapena kadontho kobwerezabwereza pa mtunda wofanana, nthawi zambiri masentimita 7 ndi theka kapena 9 ndi theka malinga ndi kukula kwa dilamulo. Musapemerere mkati mwa makina ndi pampu kapena pakamwa, chifukwa fumbi ndi tona zimangothawira pa galasi la mkati. Vundikirani makina ndi nsalu akazizira, osati pulasitiki, yomwe imasunga thukuta usiku.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumavuta mwa njira ina. Makina ambiri a muofesi analembedwa kuti azigwira ntchito pa madigiri osapitirira 30 mpaka 32, pomwe chipinda cha malata chopanda siling'i ku Mangochi chimapyola pamenepo masana. Makina akatenthedwa amachepetsa liwiro kapena kuima pakati pa ntchito kuti azizire. Asiyireni mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchoka kukhoma kuti mpweya uzituluka, ndipo ntchito zikuluzikulu muzizichita m'mawa. Tona imayamba kufewa ndi kugwirana mibulu pa madigiri a m'ma 50, kutentha komwe galimoto yotseka magalasi imafika mosavuta ikaima padzuwa, choncho katiriji ya tona yochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe isayende ili pansi pa galasi lakutsogolo. Pulinta ya inki vuto lake ndi timabowo totulutsira inki ta kumutu kwake, tomwe timauma ikakhala osagwira ntchito. Sindikizani tsamba limodzi la mitundu yonse sabata iliyonse. Mizere ikayamba kudukaduka, yambani ndi Nozzle Check yoyesa timabowoto, kenako Head Cleaning yotsuka mutuwo kamodzi kapena kawiri basi, chifukwa kutsuka kulikonse kumadya inki yambiri.

Tibwerere ku kasungidwe, poti ndi komwe kumapulumutsa ndalama zambiri. Katoni ya malimu asanu isakhale pa simenti, ngakhale pansi pakuoneka pouma, chifukwa simenti imatulutsa chinyontho ndipo chiswe chimayambira pomwepo. Ikani pa thandala la matabwa lokwera masentimita 10 mpaka 15, kutali pang'ono ndi khoma lakunja, kutali ndi zenera ndi ndowa ya madzi. Malimu agone chafulati. Mukawaimika chilili amapindika ndipo sawongokanso. Musaunjike makatoni opitirira anayi kapena asanu, ndipo yambani kugwiritsa ntchito amene anabwera kale.

Tsegulani limu imodzi yokha, ndipo muitsegule kumapeto kumodzi mosamala kuti chikutirocho chikhale ngati thumba. Ikani m'thireyi mapepala amene mutsirize tsiku limenelo, otsalawo pindani kukamwa kwa chikutiro mumate ndi tepi. Poweruka, chotsani za m'thireyi muzibwezere m'chikutiro. Ambiri amaiwala zimenezi Lachisanu, ndipo Lolemba m'mawa ndi pamene makina amavuta kwambiri. Chidebe cha pulasitiki chokhala ndi chivundikiro chothina ndi nkhokwe yabwino ya malimu otsegula, makamaka mukaikamo timapaketi toyamwa chinyontho tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi. Kumene kuli makina oziziritsa chipinda, limu yochokera ku sitolo yotentha ikhale m'chipindamo maola 24 isanatsegulidwe, katoni yathunthu masiku awiri, kuti kutentha kwake kufanane ndi kwa chipindacho.

Nanga malimu anayi a mnyamata uja? Kuwayanika padzuwa pakhonde sikuthandiza: apamwamba amauma mopitirira n'kupindika, amkati amakhalabe onyowa, ndipo onse amatola mchenga. Atsekereni m'chidebe chokhala ndi timapaketi tija kwa masiku atatu kapena anayi. Ambiri amabwerera mwakale moti n'kusindikizika mbali imodzi, koma musawagwiritse ntchito posindikiza mbali zonse ziwiri, chifukwa pepala likadutsa mu fyuza kachiwiri ndi pamene limapindika kwambiri. Amene mafunde ake sanachoke, kapena amene ayamba timadontho ta chuku ndi fungo, asalowenso m'makina. Adulidwe akhale olembapo malisiti, ndipo mayeso aja asindikizidwe ndi malimu osatsegula, imodzi ikatha kenako inzake.