Chifukwa chake London akapititsa wotchi kutsogolo, Sydney amabweza kumbuyo

Anthu amene amaonera mpira wa ku Mangalande m'malo oonetsera kanema kuno ku Mangochi amadziwa kuti masewero omwe mu Januwale amayamba 5 koloko madzulo, mu Epulo amayamba 4 koloko. Kumeneko masewerowo amayamba 3 koloko nthawi zonse, koma chimene chasintha ndi wotchi yawo, pakuti maiko ena amapititsa mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi m'nyengo yotentha n'kuwabweza nyengoyo ikatha.

Gwero la nkhaniyi ndi kupendekeka kwa dziko lapansi. Dziko limazungulira dzuwa lili chopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4, motero mu Juni mbali ya kumpoto kwa ikweta imaweramira ku dzuwa ndipo masana amatalika kumeneko, pamene ife a kummwera tili m'chisanu. Mu Disembala zimatembenuka. Cholinga chopititsira wotchi kutsogolo ndicho kuchotsa ola la kuwala m'mamawa, anthu ambiri akadali m'tulo, n'kuliika madzulo akaweruka ku ntchito, ndipo izi zimatheka pokhapokha masana akatalika. Popeza masana a ku London amatalika pa nthawi imene a ku Sydney, mzinda wa ku Australia umene uli kummwera kwa ikweta, akufupika, mizinda iwiriyi singasinthire mawotchi mbali imodzi.

Kuno sitisintha chifukwa palibe chopindula. Mangochi ali pa madigiri pafupifupi 14.5 kummwera kwa ikweta, ndipo masana athu amatalika maola pafupifupi 13 mu Disembala n'kufupika kufika pa maola 11 ndi mphindi zochepa mu Juni, pamene ku London amachoka pa maola oposa 16 kufika pa osakwana 8. Abale athu a ku Joni nawonso sasintha, n'chifukwa chake nthawi yawo imafanana ndi yathu chaka chonse.

Masiku osinthirawo sachokera ku dzuwa ayi, amachokera m'malamulo a dziko lililonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Britain ndi maiko a mgwirizano wa ku Ulaya amapita kutsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi n'kubwerera Lamulungu lomaliza la Okutobala. Madera ambiri a ku Amereka, kuyambira mu 2007, amayamba Lamulungu lachiwiri la Malichi n'kumaliza Lamulungu loyamba la Novembala. Ku Sydney amapita kutsogolo Lamulungu loyamba la Okutobala n'kubwerera Lamulungu loyamba la Epulo, pamene ku New Zealand amayamba kutatsala sabata imodzi kuti Sydney ayambe, Lamulungu lomaliza la Seputembala. Ngakhale m'dziko limodzi sagwirizana, pakuti ku Brisbane ndi ku Perth, omwe alinso mu Australia, sasintha konse.

Tiyeni tione m'mene izi zimakhudzira mayi wa ku Mangochi amene ali ndi mwana wina ku London, wina ku Sydney, ndipo amafuna kuyankhula nawo onse pamodzi pa foni ikakwana 12 koloko masana kuno. Mu Januwale wa 2026, ku London nthawiyo ndi 10 koloko m'mawa ndipo ku Sydney ndi 9 koloko usiku, kusiyana kwa maola 11 pakati pa anawo. Pa 29 Malichi London apita kutsogolo, choncho 12 koloko yathu ikhala 11 koloko kumeneko, koma Sydney akadali pa 9 koloko, ndipo kusiyana kwatsika kufika pa maola 10. Patangotha sabata, pa 5 Epulo, Sydney abwerera m'mbuyo kukhala 8 koloko usiku, kusiyana n'kukhala maola 9. Zikhala choncho mpaka pa 4 Okutobala, pamene Sydney apitenso kutsogolo, ndipo kwa masabata atatu kusiyana kudzakhala maola 10 kufikira London atabwerera pa 25 Okutobala. Wotchi ya mayiyu sinasunthe, komabe kusiyana kwa nthawi pakati pa ana ake kwasintha kanayi m'chaka chimodzi.

Ine ndimaona kuti masabata apakatiwa ndiwo owopsa kwambiri kwa aliyense amene ali ndi msonkhano wa pa intaneti, mayeso kapena mafunso a ntchito ndi anthu akunja, chifukwa munthu amaloweza kuti dziko lakuti timasiyana nalo maola akuti, osadziwa kuti nambalayo imadalira tsiku. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: ngati mwaphonyana ndi ola limodzi ndendende mu Malichi, Epulo, Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, vuto ndi limeneli.

Njira yodalirika ndiyo kupangana nthawi potchula mzinda ndi tsiku lomwe, kapena kugwiritsa ntchito UTC, nthawi imene siisintha. Malawi ali pa UTC+2, kutanthauza maola awiri patsogolo pa UTC, chaka chonse, London amakhala pa UTC kapena UTC+1, Sydney pa UTC+10 kapena UTC+11. Pa foni kapena pa kompyuta sankhani dzina la dera, monga Europe/London kapena Australia/Sydney, osati nambala ya maola, ndipo chipangizocho chizilandira zokonzedwa zatsopano, pakuti malamulo amenewa amasintha: Namibia inasiya kusintha mawotchi mu 2017, ndipo Brazil inasiya mu 2019.